Gulu likaperewera pa mulingo wa masamba a tiyi: kalembedwe ka uthenga wosaloza chala

Kuyambira Disembala mpaka Epulo, m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo mulibe tsiku lopumira. Mvula ikakhazikika tiyi amaphukira mothamanga, ndipo gawo lalikulu la masamba a chaka chonse limathyoledwa m'miyezi imeneyi. Chiperoni chikayamba chapakati pa chaka, mitengo imagona, ndipo zimene zinatayika mu Febuluwale sizibwezeretsekanso. N'chifukwa chake mwezi ukatha gulu lisanafike pa mulingo umene linapatsidwa, woyang'anira amapsa mtima msanga. Naye amakhala kuti wakalipiridwa kale ndi akuluakulu ake, ndiye amatenga foni n'kulembera akapitawo ndi kalaliki uthenga woti ukawerengedwe m'mawa poitana mayina.

Uthenga wotere nthawi zambiri umamveka motere:

"Akapitawo nonse, mwezi wa Febuluwale mwandichititsa manyazi. Gulu lanu ndi la ulesi, anthu amangojomba mmene afunira inu mukungoyang'ana. Masamba amene mukubweretsa ndi zinyalala. Nthawi zonse ndimakuuzani koma simumva. Mwezi uno zikachitikanso ena aona msana wa njira."

Amene analemba zimenezi sananame pa chilichonse chimene akuchidziwa. Mulingo sunakwanedi, anthu anajombadi, masamba ena anakanidwadi. Vuto lake ndi lakuti kapitawo akamaliza kuwerenga, palibe chimene angachite mawa m'mawa chosiyana ndi dzulo, kupatula kukalipira amene ali pansi pake monga mmene iye wakalipiridwira. Mulibe nambala, mulibe tsiku, mulibe dzina la munda. Mawu akuti "ulesi" akunena za khalidwe la anthu 40 pamodzi, kuphatikizapo mayi amene sanajombeko ngakhale kamodzi ndipo amadzaza dengu kuposa aliyense. Mawu akuti "nthawi zonse" ndi osavuta kuwatsutsa, ndipo kapitawo akangokumbuka mwezi umodzi umene gulu linachita bwino, amautaya uthenga wonse mumtima mwake kuti bwana angolusa.

Anthu ambiri akauzidwa kuti akonze uthenga ngati umenewu amaganiza kuti ntchito yake ndi kufewetsa mawu. Amachotsa "ulesi" n'kuikapo "tiyeni tilimbikire", amachotsa chiopsezo chija n'kuikapo "Mulungu akudalitseni". Zotsatira zake zimakhala ngati izi: "Anzanga, zikomo chifukwa cha ntchito yabwino. Mwezi watha sitinachite bwino kwenikweni, koma tiyeni tigwirane manja mwezi uno." Uwu ndi wokoma kumva, koma ndi wopanda kanthu chimodzimodzi ngati woyamba uja. Ine ndimauona kuti ndi woipirapo pang'ono, chifukwa umabisa Chichewa. Anthu amachoka osadziwa kuti zinthu zavuta kufika pati, ndipo tsiku limene wina adzalandire kalata ya chenjezo adzanena zoona kuti sanauzidwepo.

Chimene chimachititsa uthenga kukhala woloza chala ndi chakuti wolembayo sanadziwe kumene makilogalamu osowawo anapita. Munthu amene sadziwa chifukwa amathamangira ku khalidwe la anthu, popeza ndi chifukwa chimene chili pafupi. Choncho kulembanso uthenga kumayambira pa mabuku a kalaliki, foni ili m'thumba.

Tiyerekeze ndi gulu limodzi. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongoyerekeza, kuti njira yake ioneke bwino, ndipo aliyense aikemo a pamalo pake.

Gululi lili ndi othyola 40. Mu Febuluwale munali masiku 24 ogwira ntchito, ndipo mulingo unawerengedwa pa makilogalamu 50 pa munthu pa tsiku. Tikachulukitsa 40, 24 ndi 50 tikupeza makilogalamu 48,000. Amene analandiridwa ku fakitale ndi 39,600. Kupereweraku ndi makilogalamu 8,400. Si zochepa ayi. Pamafunika makilogalamu pafupifupi anayi ndi theka a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndiye apa patayika tiyi wouma woposa makilogalamu 1,800 amene akanapita ku msika wa tiyi ku Limbe. Woyang'anira ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Buku loyamba kulitsegula ndi kaundula wa obwera ku ntchito. Anthu 40 pa masiku 24 akanakhala masiku a ntchito 960. Kaundula akuonetsa kuti masiku 72 anthu kunalibe. Pa makilogalamu 50 tsiku lililonse, amenewo ndi makilogalamu 3,600. Apa munthu wofulumira anganene kuti waona, ndi kujomba kuja. Koma masiku 72 amenewa ayenera kuphwanyidwanso. Masiku 40 anali a matenda, ndipo odwalawo anabweretsa makalata a kuchipatala. Febuluwale ndi mwezi wa malungo, aliyense wa kuno amadziwa. Masiku 18 anali a maliro awiri a m'mudzi umene othyola ambiri amachokera, ndipo anthu anatsanzika kwa akapitawo. Otsala ndi masiku 14 opanda chifukwa chilichonse cholembedwa, ndipo 11 mwa amenewa ndi a anthu awiri okha. Kujomba kwenikweni, kumene uthenga woyamba unasenzetsa gulu lonse, kwadya makilogalamu 700, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a anthu awiri.

Buku lachiwiri ndi la masamba okanidwa. Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa mawu oti "okanidwa" amaphimba zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Masamba akhoza kukanidwa chifukwa athyoledwa molakwika, kapena chifukwa awonongeka atathyoledwa kale. Tsamba la tiyi likachoka pa mtengo limapitiriza kupuma. Likaunjikidwa m'matumba, n'kupanikizidwa, n'kukhala maola ambiri padzuwa kudikira thirakitala, limatentha lokha mkati mwa mulu. Ukapisa dzanja umamva kufunda, ndipo ukatulutsa masamba a pakati umapeza afiira, ena akuda m'mphepete. Masamba otere sapanga tiyi wabwino, ndiye ku fakitale amawakana. Wothyola alibe chochita pa zimenezi, iye anamaliza mbali yake pamene dengu linakwera pa sikelo.

M'chitsanzo chathu, makilogalamu 2,700 anakanidwa chifukwa chofiira, ndipo onse ndi a masiku anayi. Kalaliki akayang'ana nthawi imene thirakitala inafika masiku amenewo, akupeza kuti inayenera kunyamula masamba a sikelo ya masana cha m'ma 1 koloko koma inkafika dzuwa litapendeka. Masiku awiri inatitimira m'matope pa msewu wotsikira ku munda wa kumunsi, masiku awiri inatumizidwa kukathandiza gawo lina. Amene anavomereza kuti ipite kwina ndi woyang'anira yemweyo amene analemba kuti masamba ndi zinyalala.

Makilogalamu 1,300 ndiwo anakanidwa chifukwa chokhwima. Tsamba labwino ndi nsonga ndi masamba awiri, mwina atatu anthete. Munda ukadutsa masiku ake osathyoledwa, mphukira zimatalika, phesi limalimba, ndipo wothyola amene akufuna kudzaza dengu amakokera pamodzi masamba anayi kapena asanu. Pano othyola ali ndi mbali yawo, akapitawo nawonso, chifukwa ntchito yawo ndi kuyang'ana m'madengu asanafike pa sikelo. Komabe zolemba zikuonetsa kuti pafupifupi masamba onse okhwimawa anachokera m'munda umodzi, wa kumunsi uja, umene unayenera kubwererwa pakatha masiku 10 koma unabwererwa patatha masiku 14. Unachedwa chifukwa sabata ya maliro anthu anachepa ndipo palibe amene anasintha dongosolo la minda.

Tikaphatikiza 3,600, 2,700 ndi 1,300 tikupeza 7,600. Patsala makilogalamu 800 amene mabuku sakufotokoza. Pali kawerengedwe kamodzi kamene woyang'anira aliyense ayenera kuchita asanalembe mawu oti ulesi. Masamba onse amene anathyoledwa, olandiridwa ndi okanidwa omwe, ndi makilogalamu 43,600. Masiku amene anthu anagwiradi ntchito ndi 888. Tikagawa tikupeza makilogalamu 49 ndi pang'ono pa munthu pa tsiku. Anthu amene anali m'munda anaperewera ndi kilogalamu imodzi yosakwana n'komwe. Ngakhale titawasenzetsa othyola kujomba konse kopanda chifukwa ndi masamba onse okhwima, mbali yawo ndi makilogalamu 2,000 mwa 8,400, osafika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Sikuti nthawi zonse mabuku amayeretsa antchito. Mwezi wina kuwerenga komweku kudzaonetsa kuti thirakitala inkafika pa nthawi yake, odwala anali ochepa, koma munthu aliyense ankathyola makilogalamu 38. Pamenepo uthenga udzanena zimenezo mosapsatira. Chofunika ndi chakuti unene zimene mabuku aonetsa.

Pali chifukwa chinanso chosalembera za khalidwe la anthu, ngakhale pamene alakwadi. Mu 1996 akatswiri awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza zimene zimachitika anthu akauzidwa mmene agwirira ntchito. Anapeza kuti kawirikawiri kuuzidwako kumathandiza, koma pa zochitika zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu ntchito inkatsika m'malo mokwera. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti mawu akalunjika pa munthu mwiniyo, maganizo ake amachoka pa ntchito n'kupita pa kudziteteza. Aliyense amene anaimapo pa mzere akukalipiridwa akudziwa mmene zimakhalira. Mutu umadzaza ndi mayankho amene sungawanene, ndipo za munda wa kumunsi sizikumbukikanso.

Choopsa kwambiri ndi chimene chimachitika mwezi wotsatira. Amy Edmondson, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala za ku Amerika m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti magulu amene anali ndi utsogoleri wabwino ankalemba zolakwika zambiri pa kaperekedwe ka mankhwala kuposa anzawo. Chimene chinaoneka n'chakuti iwo ankazinena poyera, pamene magulu amantha ankazibisa. M'munda wa tiyi kubisa kuli ndi njira zake zodziwika. Kapitawo amene waopsezedwa kuti achotsedwa ntchito amasiya kubweza madengu a masamba okhwima kuti makilogalamu akwere. Othyola amayamba kuthyola mozama, kudya masamba akale amene amadyetsa mtengo, ndipo patapita masabata angapo mundawo umachepetsa mphukira. Thirakitala ikachedwa palibe amene amaimba foni, poopa kuoneka ngati akupereka zifukwa. Nambala ya mwezi umodzi ikhoza kukwera chifukwa cha mantha, koma woyang'anira amakhala atadzitsekera yekha maso.

Tsopano uthenga uja ukhoza kulembedwanso. Nawu, wopita kwa akapitawo ndi kalaliki:

"A kapitawo nonse ndi a kalaliki, mulingo wathu wa Febuluwale unali makilogalamu 48,000. Ku fakitale analandira 39,600, ndiye taperewera ndi 8,400. Ndadutsa m'mabuku ndi a kalaliki ndipo taona izi. Makilogalamu 2,900 anatayika chifukwa cha matenda ndi maliro, 700 chifukwa cha kujomba kopanda chifukwa. Makilogalamu 2,700 anafiira pa masiku anayi amene thirakitala inachedwa, ndipo awiri mwa masiku amenewo ndine ndinavomera kuti ipite gawo lina. Makilogalamu 1,300 anakanidwa chifukwa chokhwima, pafupifupi onse ochokera ku munda wa kumunsi, umene tinaubwerera patatha masiku 14 m'malo mwa 10. Patsala 800 amene sindikudziwa kumene anapita. Anthu amene anali m'munda anathyola makilogalamu 49 pa tsiku, ndipo muwauze kuti ndaona. Kuyambira Lolemba thirakitala sichokanso m'gawo lathu sikelo ya masana isananyamulidwe, imeneyo ndi mbali yanga. Kwa inu ndikupempha ziwiri. Tsiku limene obwera achepera 36, mundiuze isanakwane 8 koloko kuti tisinthe dongosolo la minda. Ndipo ku munda wa kumunsi muziyang'ana m'madengu asanafike pa sikelo. Tikumane Lachisanu 3 koloko pa shedi. Mubwere ndi maganizo anu pa makilogalamu 800 aja, komanso ngati pali chimene mabuku sanaonetse."

Ndi wautali kuposa woyamba, ndipo sungalembedwe mtima uli m'mwamba. Tiyeni tiuyang'ane pang'onopang'ono.

Wayamba ndi nambala, popanda mawu oyamba otsekemera. Ena amaphunzitsa kuti chidzudzulo chiikidwe pakati pa mayamiko awiri. Ine sindigwirizana nazo pa nkhani ngati iyi. Anthu amazolowera msanga, ndipo akangomva bwana akuyamika amayamba kudikira nkhonya. Kuyamika kumene kuli mu uthengawu ndi kumodzi, makilogalamu 49 aja, ndipo kwalowa chifukwa ndi zoona zimene zapezeka m'mabuku. Wothyola akamva nambala imeneyo amadziwa kuti wina anakhala pansi n'kuwerenga thukuta lake.

Liwu loti "taperewera" nalo lili ndi malo ake, koma pafunika kusamala. Woyang'anira akhoza kunena "ife" pa zotsatira za gawo lonse, popeza naye ali momwemo. Koma akafika pa zochita, aliyense atchulidwe ndi mbali yake. Ndiye chifukwa chake uthengawu ukuti "ndine ndinavomera", ndipo kenako "kwa inu ndikupempha". Uthenga umene umati "tonse tilimbikire" kuyambira pamwamba mpaka pansi umasiya ntchito yopanda mwini, ndipo Lolemba likafika aliyense amayembekezera mnzake.

Chiganizo cha thirakitala ndicho chovuta kwambiri kulemba. Oyang'anira ambiri amaopa kuti akavomera mbali yawo pamaso pa akapitawo ulemu uwathera. Koma taganizani, akapitawo anali pa shedi masiku anayi aja, akuona masamba akufiira, akudziwa kumene thirakitala yapita ndi amene anaituma. Uthenga ukadumpha mfundo imeneyi, iwo amaona dzenjelo nthawi yomweyo, ndipo zina zonse zolembedwamo zimatha mphamvu. Ukaitchula mwachidule, popanda kudzimvera chisoni kapena kupepesa kotalika, n'kunena chimene chisinthe, kapitawo amapeza mpata wonena naye kuti ku munda wa kumunsi sanayang'ane madengu masiku awiri.

Zopempha zilipo ziwiri zokha, ndipo chilichonse munthu akhoza kuona ngati chachitika kapena ayi. "Muchepetse kujomba" si chopempha chimene kapitawo angachikwanitse, iye saletsa malungo. "Mundiuze isanakwane 8 koloko obwera akachepera 36" chili m'manja mwake, ndipo chikukonza vuto lenileni, lomwe ndi munda kudutsa masiku ake popanda wosintha dongosolo. Njira yabwino yoyesera chopempha chilichonse ndi kudzifunsa ngati munthuyo angachichite Lolemba m'mawa popanda kudikira wina. Ngati sangathe, ndiye kuti chopemphacho chapita kwa munthu wolakwika.

Makilogalamu 800 aja ndi ofunika kuposa kukula kwake. Pali chiyeso chowakankhira ku mulu wina kuti masamu aoneke otha, kapena kungowatcha ulesi popeza atsala okha. Kuwasiya poyera ngati funso kumapatsa msonkhano wa Lachisanu ntchito yeniyeni. Mwina kapitawo anena kuti masiku amvula kalaliki ankachotsera madzi ochuluka pa kulemera kwa masamba onyowa. Mwina sikelo ikufunika kuyesedwa ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Mwina mbali ina ya munda yagwidwa ndi tizilombo toyamwa nsonga ndipo mphukira zachepa. Mwinanso anthu ankayamba mochedwa chifukwa mtsinje unadzaza ndipo ankazungulira. Zonsezi woyang'anira sangazione ali mu ofesi. Funso lake likhale loti iye sakudziwadi yankho. Funso ngati "n'chifukwa chiyani simunayang'ane madengu?" ndi mlandu umene wangovala chizindikiro cha funso, ndipo limayankhidwa ndi chete kapena ndi "pepani bwana".

Nanga anthu awiri ojomba aja? Mu uthenga wa gulu sanatchulidwe mayina, ndipo ndi dala. Nambala ya kujomba kopanda chifukwa ilimo, 700, kuti anzawo adziwe kuti nkhaniyo yaoneka, chifukwa nawonso amakhumudwa akamanyamula ntchito ya wina bwana ali chete. Koma anthuwo amaitanidwa pambali, mmodzimmodzi. Kumeneko kalankhulidwe kake ndi komweko, tsiku, chochitika, ndi zotsatira zake. "Bambo, mu Febuluwale kaundula akuonetsa masiku asanu ndi limodzi amene simunabwere ndipo simunatsanzike. Awiri mwa iwo anali sabata imene tinachepa kale chifukwa cha maliro, ndipo munda wa kumunsi unachedwa. Chinachitika n'chiyani?" Kenako woyang'anira akhale chete amve. Febuluwale ndi mwezi umene chimanga chatha m'nyumba zambiri, ndipo munthu akhoza kukhala kuti ankathamangira ganyu wolipidwa tsiku lomwelo, kapena ali ndi mwana wogonekedwa kuchipatala ndipo sanadziwe kuti kalata ya mwanayo angaionetse. Akhozanso kukhala kuti analedzera basi. Chifukwa chilichonse chili ndi yankho lake, ndipo palibe yankho limene lingapezeke mwa kuyalutsa munthu wamkulu pamaso pa anthu a m'mudzi mwake, ena mwa iwo apongozi ake.

Apa ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene uthenga woyamba unasakaniza. Kuuza gulu mmene ntchito yayendera ndi china, kupereka chilango ndi china. Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito, ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Chiopsezo choponyedwa kwa anthu 40 pa foni sichikwaniritsa zimenezo. Ngati wina akufunikadi chenjezo, lipite mwa njira yake, ndi dzina lake, masiku ake ndi mwayi woyankha. Likalowetsedwa mu uthenga wa gulu, anthu osalakwa 38 amachita mantha ndipo olakwa awiri amabisala pakati pawo.

Uthenga wolembedwa bwino ukhoza kuwonongekabe pofika kwa othyola. Akapitawo saima m'mawa n'kuwerenga manambala onse aja, amaufupikitsa m'mawu awo, ndipo kapitawo wozolowera kukalipa akhoza kuusandutsa "bwana akuti mukuthyola zinyalala". N'kwanzeru kuti woyang'anira alembe padera ziganizo zitatu kapena zinayi zoti zinenedwe pa mzere, kapena apite akanene yekha. Zikhoza kukhala izi: "Amayi ndi abambo, mwezi watha tinaperewera ndi makilogalamu 8,400. Ambiri anatayika ndi matenda, maliro ndi kuchedwa kwa thirakitala, ndipo za thirakitala ndakonza. Chimene ndikupempha kwa inu ndi tsamba la ku munda wa kumunsi, nsonga ndi masamba awiri kapena atatu anthete." Akanyamula mphukira ziwiri m'manja, yabwino ndi yokhwima, n'kuzionetsa, palibe amene angachoke asanamve.

Mmene munthu angadziwire ngati kulembaku kwagwira ntchito si nambala ya Malichi yokha, chifukwa nambala imeneyo imadaliranso mvula. Chizindikiro choyamba chimaoneka pa msonkhano wa Lachisanu. Ngati akapitawo angovomera zonse n'kumwazikana, mantha akadalipo, kapena sakukhulupirira kuti funso lija linali lenileni. Ngati wina wanena chinthu chimene woyang'anira sankachidziwa, makamaka chomukhudza iye mwini, ndiye kuti njira yatseguka. Chizindikiro chachiwiri ndi foni ya 8 koloko. Tsiku loyamba limene kapitawo adzaimbe kunena kuti obwera ndi 33, mmene woyang'anira adzayankhire ndi zimene zidzagamule ngati foniyo idzalirenso. Akadzayamba ndi "mwatani kodi inu", basi yatha.

Ndipo lonjezo la thirakitala liyenera kusungidwa. Likathyoledwa sabata yoyamba, uthenga wotsatira, ngakhale utalembedwa mwaluso chotani, udzawerengedwa ngati mawu chabe. Ngati pali tsiku limene sizingatheke, woyang'anira awauze akapitawo m'mawa, kuti masamba ayalidwe mopyapyala pamthunzi m'malo mounjikidwa m'matumba.

Kuwerenga kuja kwavumbulanso chinthu chimene sichikukhudza akapitawo n'komwe. Mulingo wa 48,000 unawerengedwa ngati kuti anthu onse 40 adzabwera masiku onse 24, mu Febuluwale, popanda wodwala kapena womwalira m'mudzi. Mulingo wotere gulu lidzaulephera chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse wina adzalemba za ulesi. Choncho pali uthenga wachiwiri woti ulembedwe, wopita kwa amene amaika milingo, ndipo nawonso usaloze chala. Unene kuti masiku 58 mwa 960 anapita ndi matenda ndi maliro, kuti amenewo ndi makilogalamu 2,900, ndipo upemphe chimodzi mwa ziwiri, kuti mulingo wa miyezi ya mvula uziwerengedwa pa obwera 37 kapena 38 pa tsiku, kapena gawolo lipatsidwe othyola atatu owonjezera kuyambira Januwale mpaka Malichi. Woyang'anira aphatikizepo kaundula wa Febuluwale wa chaka chatha, kuti akuluakulu aone okha ngati masiku otayika ndi matenda anali ofanana.